Kasanjidwe ka masamba a kabuku kopinda pakati ndi kumanga ndi sitepula

Mwalemba nkhani yanu yonse, mwauza pulinta kuti iike masamba awiri pa pepala limodzi, mwapinda mapepala aja pakati. Potsegula mukupeza kuti tsamba 2 lakhala pachikuto, tsamba 1 lathawira kumbuyo, ndipo m'katimo manambala akungodumphadumpha. Pulinta sinalakwe. Pepala lopinda pakati limanyamula masamba amene powerenga amakhala motalikirana: loyamba limagona limodzi ndi lomaliza, lachiwiri limagona ndi lotsatira kuchokera kumapeto, choncho mpaka pakati. Ntchito yosanja masamba motero osindikiza mabuku amaitcha impozishoni.

Tiyenda ndi chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza: kabuku ka masamba 14, ka msinkhu wa A5, kosindikizidwa pa mapepala a A4 opinda pakati. Mawu awiri okha tigwirizane tisanayambe. Ndikati pepala, ndikunena chimene mumaika mu pulinta. Ndikati tsamba, ndikunena mbali imodzi imene munthu amawerenga m'kabuku, yokhala ndi nambala yake. Pepala limodzi lopinda limatulutsa masamba anayi. Chisokonezo chambiri pa ntchitoyi chimayamba munthu akasakaniza ziwirizi.

## Zofunika kukhala nazo

- Fayilo ya kabuku yomalizidwa kulemba ndi kukonza, yosungidwa ngati PDF
- Pulinta, kaya yosindikiza mbali zonse yokha kapena yofuna kutembenuza mapepala ndi manja
- Mapepala a A4 wamba a magalamu 80, ndi ena ochepa otha ntchito oyeserera
- Pensulo ndi lula yachitsulo
- Sitepula yaitali mkono. Ngati mulibe, sitepula wamba yotheka kutambasula pamodzi ndi katoni yochindikala kapena labala
- Mapini a sitepula a miyendo ya mamilimita 6, olembedwa `26/6` kapena `24/6` pa bokosi
- Mpeni wodulira mapepala wakuthwa bwino ndi thabwa kapena katoni yodulirapo

## 1. Werengani masamba, afike pa nambala yogawika ndi 4

Popeza pepala lililonse limapereka masamba anayi, kabuku kopinda kamakhala ka masamba 4, 8, 12, 16, 20 ndi kupitirira motero. Pakati palibe. Werengani chilichonse: chikuto chakutsogolo, kuseri kwake, masamba a nkhani, ndi chikuto chakumbuyo.

Kabuku kathu kali ndi chikuto chakutsogolo, masamba 12 a nkhani, ndi chikuto chakumbuyo. Onse pamodzi ndi 14. Nambala yotsatira yogawika ndi 4 ndi 16, ndiye kuti tifunika mapepala anayi, ndipo masamba awiri akhala opanda kanthu.

Chenjezo: masamba opanda kanthuwo aikeni nokha pamalo pamene mukufuna. Mukasiyira pulogalamu, imangowaponya kumapeto. Zikatero chikuto chanu chakumbuyo chimakhala tsamba 14, m'kati mwa kabuku, ndipo kunja kwenikweni kumatsala koyera.

Malo abwino ndi kuseri kwa zikuto ziwirizo. Fayilo yathu ikhala chonchi: tsamba 1 chikuto, tsamba 2 lopanda kanthu, masamba 3 mpaka 14 nkhani, tsamba 15 lopanda kanthu, tsamba 16 chikuto chakumbuyo. Ubwino wina wa kasanjidweka ndi wakuti nkhani ikuyambira kumanja, kumene diso limafikira munthu akangotsegula.

Pali kanthu kena kosokoneza. Mwina manambala osindikizidwa m'munsi mwa masamba akuyambira pa nkhani, kotero kuti tsamba lachitatu la fayilo lalembedwa 1. Zimenezo si vuto kwa wowerenga. Koma posanja, iwalani manambala olembedwawo ndipo muziwerenga malo a tsamba mu fayilo, chikuto chikhale 1. Manambala onse amene nditchule m'munsimu ndi a malo mu fayilo.

## 2. Pindani kabuku koyeserera

Gawo ili ambiri amalidumpha chifukwa limaoneka ngati masewera a ana. Ine sindisindikiza kabuku ndisanalichite, ngakhale pulogalamu ikhale yodalirika bwanji, chifukwa ndi kabuku koyesereraka kamene kamandiuza ngati zotuluka mu pulinta zili zoona.

Tengani mapepala anayi otha ntchito. Aunjikeni, apindeni pakati onse pamodzi, ndipo msana ukhale kumanzere monga buku lililonse. Lembani 1 wamkulu pachikuto, tsegulani, lembani 2 kuseri kwa chikutocho, 3 moyang'anana naye, mpaka 16 kumbuyo. Pansi pa nambala iliyonse jambulani kamzere, kuti mudziwe kumene kuli mutu wa tsamba ndi kumene kuli miyendo. Pa 2 ndi 15 lembanipo kuti "palibe kanthu".

Tsopano phwasulani mapepalawo, muwatambasule pa tebulo. Pepala lakunja lili ndi 16 kumanzere ndi 1 kumanja; mukalitembenuza monga mumatembenuzira tsamba la buku, mupeza 2 kumanzere ndi 15 kumanja. Pepala lam'kati kwenikweni lili ndi 10 ndi 7 mbali imodzi, 8 ndi 9 mbali inayo. Kasanjidwe konse kali m'manja mwanu. Kasungeni pafupi mpaka ntchito ithe.

## 3. Lembani ndandanda ya masamba

Zimene kabuku koyeserera kakuonetsani zilembeni pa pepala limodzi:

| Pepala | Mbali | Kumanzere | Kumanja |
|---|---|---|---|
| 1 | yakunja | 16 | 1 |
| 1 | yam'kati | 2 | 15 |
| 2 | yakunja | 14 | 3 |
| 2 | yam'kati | 4 | 13 |
| 3 | yakunja | 12 | 5 |
| 3 | yam'kati | 6 | 11 |
| 4 | yakunja | 10 | 7 |
| 4 | yam'kati | 8 | 9 |

Yang'anitsitsani mupeza malamulo awiri. Loyamba: manambala awiri a pa mzere uliwonse akaphatikizidwa amakwana 17, kutanthauza masamba onse kuonjezapo 1. Kabuku ka masamba 8 amakwana 9, ka masamba 24 amakwana 25. Lachiwiri: manambala ogawika ndi 2 amakhala kumanzere nthawi zonse, osagawika ndi 2 amakhala kumanja. Mzere wophwanya limodzi mwa malamulowa ndi wolakwika, musachite kukayika.

Kabuku kakakhala kakakulu, ndandanda imalembeka msanga motere. Jambulani mizere yokwana theka la masamba onse. Lembani 1 kumanja pa mzere woyamba, 2 kumanzere pa wachiwiri, 3 kumanja pa wachitatu, kumangosinthasintha mpaka pansi. Mukafika pansi, bwererani chokwera, mukudzaza mipata yotsala ndi manambala otsatira. Pa kabuku kathu 9 akhala pambali pa 8, 10 pambali pa 7, mpaka 16 akakumane ndi 1 pamwamba.

Ndandandayi ikuululanso chinthu chofunika kwa amene ali ndi zithunzi. Masamba oyang'anizana okhawo amene ali pa mbali imodzi ya pepala limodzi ndi 8 ndi 9. Chithunzi kapena tebulo lalikulu lodutsa pa msana liikeni pamenepo. Mukaliika pa 4 ndi 5, theka lake lisindikizidwa pa pepala lachiwiri, theka lina pa lachitatu, ndipo kuti mizere yake ikumane ndendende pa pulinta wamba ndi zamwayi chabe.

## 4. Konzani msinkhu wa tsamba ndi mipata ya m'mphepete

Pepala la A4 ndi la mamilimita 210 ndi 297. Likapindidwa pakati limapereka A5, ya mamilimita 148 ndi 210. Choncho kabuku kalembeni pa tsamba la A5 kuyambira pachiyambi, kuti zimene mukuona pa kompyuta zikhale zomwezo zotuluka.

Chenjezo: mukalemba pa A4 n'kusiyira pulogalamu kuti ichepetse, chilichonse chimatsika kufika pa magawo 71 pa 100 alionse. Zilembo za saizi 12 zimatuluka ngati za 8.5, zovuta kuwerenga kwa munthu wa maso ofooka. Ngati fayilo inalembedwa kale pa A4 ndipo simukufuna kuikonzanso yonse, kwezani zilembo zifike pa 14, zidzatuluka pafupifupi 10. Koma kukweza zilembo kumaonjeza masamba, ndiye mubwerere pa gawo loyamba mukawerengenso.

Siyani mpata wa mamilimita osachepera 12 kuzungulira tsamba lonse. Mbali ya kumsana imafuna mpata kuti mawu asalowe mopindamo. Mbali yakunja imaufuna chifukwa mwina mudzadulako pang'ono, komanso mapulinta ambiri sasindikiza kufika m'mphepete mwenimweni mwa pepala. Nambala ya tsamba ikakhala pakati m'munsi, imakupulumutsani ku nkhawa ya kumanzere ndi kumanja.

Mukamaliza, sungani fayilo ngati PDF, muitsegule, muone kuti masamba akukwanadi 16 ndipo opanda kanthu aja ali pa 2 ndi 15. PDF ndiyo yabwino chifukwa mawu sasuntha ngakhale mukasindikizire pa kompyuta ina.

## 5. Sanjani masambawo, koma kamodzi kokha

Njira yapafupi ndi ya `Adobe Acrobat Reader`. Tsegulani PDF, pitani pa `Print`, ndipo pansi pa `Page Sizing & Handling` sankhani `Booklet`. Pa `Booklet subset` ikani `Both sides` ngati pulinta yanu imatembenuza yokha. Pa `Binding` ikani `Left`. Onetsetsani kuti pepala losankhidwa ndi A4. Kachithunzi koonetsa zotuluka kayenera kuonetsa chikuto chakumbuyo kumanzere ndi chakutsogolo kumanja. Dutsani mbali zonse zisanu ndi zitatu mukufanizira ndi ndandanda yanu.

Mapulogalamu olembera nawo amatha ntchitoyi. Mu `Microsoft Word` muli `Book fold`, pansi pa `Multiple pages` mu `Page Setup`, ndipo ndi bwino kuisankha musanayambe kukongoletsa masamba chifukwa imasintha msinkhu wa tsamba. Mu `LibreOffice Writer` muli `Brochure` pa zenera losindikizira. Zonsezi zimatsata ndandanda imodzimodzi ija.

Chenjezo lalikulu: mapulinta ambiri alinso ndi `Booklet` yawoyawo mu `Properties`. Sankhani malo amodzi. Mukayatsa mu pulogalamu ndi mu pulinta momwe, masamba amasanjidwa kawiri. Chimodzimodzinso musasankhe masamba awiri pa pepala pamwamba pa `Booklet`, chifukwa iyo yachita kale zimenezo.

Kwa amene alibe pulogalamu koma ali ndi makina a fotokope, ntchitoyi imathekanso ndi manja. Sindikizani tsamba lililonse la A5, lidulireni, ndipo matani awiriawiri pa pepala la A4 logoneka chopingasa, motsata ndandanda. Mupeza mapepala asanu ndi atatu a mbali imodzi. Woyamba ndi wachiwiri ajambuleni pa pepala limodzi kutsogolo ndi kuseri, wachitatu ndi wachinayi pa lotsatira, mpaka onse athe. Jambulani mzere wa pensulo wosaoneka kwambiri pakati pa pepala musanamate, kuti masamba atalikirane mofanana ndi msana.

## 6. Yesani pepala limodzi lokha

Musatumize kabuku konse. Mu `Acrobat Reader` muli malo olembedwa `Sheets from`. Ikani 1 mpaka 1 kuti pepala loyamba lokha lituluke. Pa kabuku kathu mbali yam'kati ya pepala loyamba ndi yopanda kanthu, ndiye silingakuuzeni zambiri. Yesani lachiwiri: ikani 2 mpaka 2.

Pa kusindikiza mbali zonse, pulinta imafunsa mbali yotembenuzira. Pepala la kabuku limagona chopingasa ndipo limatembenuka ngati tsamba la buku, kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndiye yambani ndi `Flip on short edge`. Mapulinta ena amalemba `Short-edge binding`. Pulinta zambiri zimabwera zitaikidwa pa `Flip on long edge`, yoyenera makalata oimirira, ndipo apa ndi pamene mapepala ambiri amaonongekera.

Pepala likatuluka, ligwireni 14 ali kumanzere ndi 3 kumanja, mitu ili m'mwamba. Litembenuzeni ngati tsamba la buku. Muyenera kuona 4 kumanzere, 13 kumanja, mitu ili m'mwamba momwemo. Kuseri kwa 3 kukhale 4. Zikatuluka chozondoka, sinthani mbali yotembenuzira muyesenso. Mapulogalamu ena amazondotsa okha mbali yam'kati poyembekezera kutembenuza kwa mbali yaitali, n'chifukwa chake pepala loyesera ndilo liyenera kugamula, osati zimene munazolowera.

Likadali m'manja, lipindeni pakati, muliloze ku kuwala. Onani ngati mawu a mbali ziwirizo akugona pamodzi, ndiponso ngati mpata wa kumanzere kwa msana ukufanana ndi wa kumanja. Kusiyana kwa milimita imodzi n'kwachibadwa pa pulinta wamba. Kukaposa apo, yang'anani timipanda togwira mapepala mu thireyi, mwina tatakasuka.

## 7. Ngati pulinta sitembenuza yokha

Apa pamafunika kudekha. Muyamba mwasindikiza mbali zakunja zonse, pa `Booklet subset` mutasankha `Front side only`, kenako mubweza mapepala mu thireyi ndi kusankha `Back side only`. Mafunso ndi awiri: mapepala abwerere atayang'ana kuti, ndipo loyamba likhale pamwamba kapena pansi.

Funso loyamba limayankhidwa ndi pensulo. Pa pepala lapamwamba mu thireyi jambulani muvi woloza kumene pepala limalowera mu makina. Sindikizani mbali yakunja ya pepala lachiwiri. Likatuluka, onani ngati inki yagwera mbali ya muvi kapena kuseri kwake, ndiponso kuti tsamba 3 lili kumene muvi ukuloza kapena kumchira kwake. Mukadziwa zimenezi mutha kulibweza moyenera: mbali yoyera iyang'ane kumene makina amalemba, ndipo tsamba 4 ligwere kuseri kwa tsamba 3. Mukalephera koyamba, zungulizani pepala mutu ukhale kumiyendo, muyesenso. Mukapeza njira yake, ilembeni pa kapepala mumate pa pulinta. Mwezi wamawa mudzakhala mutaiwala.

Funso lachiwiri limayesedwa ndi mapepala awiri. Mapulinta ena amatulutsa pepala litayang'ana pansi, ena litayang'ana m'mwamba, ndipo zimenezi zimasintha lomwe lili pamwamba pa mulu. Ngati mbali yam'kati ya pepala loyamba yagwera pa lomaliza, sanjaninso muluwo ndi manja kapena sankhani `Reverse pages`.

Pa timabuku tambiri pali njira imene ndimaikonda chifukwa imachotseratu funso lachiwirili. Tinene kuti mukufuna timabuku 30, amene ndi mapepala 120. Sindikizani mbali yakunja ya pepala loyamba ka 30, bwezani muluwo, sindikizani mbali yake yam'kati ka 30, ikani pambali. Chitani chimodzimodzi ndi lachiwiri, lachitatu ndi lachinayi. Mapepala onse a mulu umodzi ndi ofanana, choncho ngakhale makina akoke awiri nthawi imodzi, mwataya pepala limodzi lokha, osati kabuku konse.

Pulinta ya inki yamadzi ipatseni mphindi zingapo kuti mbali yoyamba iume. Ya inki yaufa imatenthetsa mapepala n'kuwakhotetsa, ndiye awongoleni ndi kuwapepesa m'mphepete ndi chala musanawabweze, kuti asamatirane.

## 8. Unjikani ndi kupinda

Ikani pepala loyamba pa tebulo mbali yakunja itayang'ana pansi. Pamwamba pake ikani lachiwiri, mukuona 4 ndi 13. Kenako lachitatu, mukuona 6 ndi 11. Lomaliza likuonetseni 8 ndi 9. Mukatenga theka lakumanzere n'kuligoneka pa lakumanja, chikuto chikhala pamwamba, msana kumanzere. Tsegulani masamba onse limodzilimodzi, muwerenge ngati nkhani ikulumikizana kuchokera pansi pa tsamba kupita pamwamba pa lotsatira.

Mapepala anayi mutha kuwapinda pamodzi, koma msana wakuthwa bwino umatuluka mukapinda lililonse palokha n'kuwalowetsana pambuyo pake. Kumanitsani ngodya kaye, gwirani ndi dzanja limodzi, kenako tsindikani mzere kuchokera pakati kupita m'mwamba ndi m'munsi. Pitanipo ndi m'mphepete mwa lula kapena kumbuyo kwa supuni. Chikuto chikakhala cha pepala lolimba, yambani mwadinda mzere pakati ndi lula ndi cholembera chotha inki, apo ayi chimang'aluka popinda.

## 9. Menyani mapini pa msana

Mapini amalowera kunja, miyendo yake n'kupindikira m'kati, pakati pa 8 ndi 9. Awiri akukwana pa A5. Aikeni pa mtunda wa masentimita 5 kuchokera pamwamba ndi 5 kuchokera pansi, atagona motsata mzere wopinda, osati moupingasa.

Sitepula wamba siifika pakati pa A4, chifukwa pakatipo pali pa mamilimita 148 kuchokera m'mphepete. Yaitali mkono ili ndi kachitsulo kosuntha koimitsira pepala. Kaikeni pa muyeso umenewo, yesani pa kabuku koyeserera kaja, mukaona kuti pini yagwera pa mzere weniweni, pitirizani. Kabuku kalowe katatambasulidwa, chikuto chili m'mwamba.

Ngati muli ndi wamba yokha, itambasuleni. Gonekani kabuku chafufumimba pa katoni yochindikala kapena pa labala, chikuto chikuyang'ana inu. Panani mapepala ndi zopanira ziwiri kuti asasunthe. Ikani kukamwa kwa sitepula pa mzere, dinikizani kamodzi mwamphamvu. Nyamulani kabuku mosamala, katembenuzeni, ndipo pindani miyendo ya pini iyang'anizane pogwiritsa ntchito nsonga ya lula. Itsindikeni igone ndithu, isadzabaye chala cha wowerenga.

Chenjezo: pini ikaphonya mzere ngakhale ndi mamilimita awiri, kabuku kamatseguka mokhota ndipo chikuto chimayamba kung'ambika pamenepo. Ichotseni mumenyenso.

## 10. Dulani m'mphepete, ngati pakufunika

Tsekani kabuku muyang'ane mbali yotsegulira. Masamba am'kati atulukirako pang'ono kuposa chikuto. Zimatero chifukwa pepala lililonse lakunja limazungulira makulidwe a anzake onse am'kati. Pepala la magalamu 80 ndi lochindikala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, choncho pa mapepala anayi kutulukirako sikufika ndi theka la milimita lomwe. Kabuku kathu mutha kukasiya osadula.

Pa mapepala khumi, amene ndi masamba 40, kumafika pafupifupi milimita imodzi ndipo kumaoneka. Tsindikani kabuku pansi pa mabuku olemera kwa kanthawi, ikani lula yachitsulo pa mzere wodula, ndipo pitanipo ndi mpeni mopepuka kangapo m'malo mofuna kudula kamodzi. Kumbukirani kuti masamba apakati ndi amene amataya mpata wochuluka, n'chifukwa chake tinasiya mamilimita 12 aja.

Njirayi ili ndi malire. Mukapitirira mapepala 12 kapena 15 a magalamu 80, kabuku kamakana kutsekeka, kamangoyasamula. Buku la masamba 64 ndi bwino kuligawa m'timagulu tinayi ta masamba 16 tosokedwa ndi ulusi. Kagulu kalikonse kamasanjidwa pakokha: kachiwiri, ka masamba 17 mpaka 32, manambala ake awiriawiri amakwana 49.

## Zolakwika zofala ndi mmene mungazidziwire

Mbali yam'kati yatuluka chozondoka. Kuseri kwa tsamba 3 mukupeza 13 mutu uli pansi, m'malo mwa 4. Mbali yotembenuzira ndiyo yalakwika. Sinthani pakati pa `Flip on long edge` ndi `Flip on short edge`, kapena, ngati mukubweza ndi manja, zungulizani mulu.

Kuseri kwa chikuto kwabwera 8 ndi 9. Masamba ali choimirira bwinobwino koma ali pa pepala la eni. Mulu unabwerera mu thireyi lomaliza lili poyamba.

Mapepala oyamba ali bwino, otsatira onse asokonekera. Makina anakoka mapepala awiri nthawi imodzi pa ulendo wachiwiri. Fufuzani mu mulu, mupeza pepala limodzi loyera kuseri. Chisokonezo chayambira pamenepo. Lamulo la 17 silikuthandizani apa, chifukwa mbali iliyonse payokha ili bwino. Choyenera kuona ndi chakuti kuseri kwa nambala yakumanja kuli nambala yotsatira.

Timasamba tinayi tating'ono pa mbali imodzi. Masamba asanjidwa kawiri, ndipo mapepala atuluka awiri m'malo mwa anayi. Zimitsani `Booklet` ya mu pulinta kapena ya mu pulogalamu. Zimachitikanso munthu akalandira PDF yosanjidwa kale n'kuisankhiranso `Booklet`. Fayilo imene tsamba lake loyamba likuonetsa zikuto ziwiri pamodzi ndi yosanjidwa kale. Ingoisindikizani mbali zonse pa `Actual size`.

Chikuto chakumbuyo chili m'kati. Masamba sanali ogawika ndi 4 ndipo pulogalamu inadzaza yokha kumapeto. Bwererani pa gawo loyamba.

Nkhani yonse yasunthira mbali ina. Masamba oyenera kumanja ali kumanzere, ndipo chithunzi chapakati chagawika. Tsamba limodzi laonjezeka kapena lachoka. Nthawi zina ndi mzere umodzi umene unasefukira pa tsamba latsopano mutakonza mawu pomaliza. Nthawi zina ndi pulinta yokhala ndi `Skip blank pages`, imene yataya tsamba 2 poganiza kuti ikukupulumutsirani pepala. Zimitsani zimenezo, kapena ikani kamawu kakang'ono pa tsambalo, monga tsiku losindikiza, kuti lisaonekenso lopanda kanthu.

Mwakonza mawu mutasanja kale. Fayilo yoyenera kukonza ndi ya masamba otsatana, 1 mpaka 16. Mukasintha chilichonse m'menemo, sungani PDF yatsopano, werenganinso masamba, ndipo yesaninso pepala lachiwiri musanatumize onse 120.